Pepani makasitomala anga, tinakutumizirani katundu wa eni ake, ndipo umu ndi momwe zinayendera

Ndiyambe ndi kupepesa kwa anthu 7 amene munalandira katundu amene simunaode kuchokera mu shopu yanga sabata yatha. Pepani kwambiri. Munalipira ndalama zanu, munadikira, ena munasiya ntchito kuti mulandire katundu pakhomo, ndiye kutsegula katoni mukupeza zinthu za munthu wina. Vuto si la mnyamata wobweretsa katundu uja, iye anangopereka katoni kwa munthu amene dzina lake linali pamwamba, ndipo si la mtsikana wothandiza mu shopu chifukwa iye anachita zimene ndinamuuza. Ndi ine ndinalakwitsa. Aliyense wa inu ndinalankhula naye kale pa foni, koma ndaona kuti ndifotokozenso zonse poyera, chifukwa ena munandifunsa kuti zatheka bwanji anthu 7 tsiku limodzi, komanso anzanga ogulitsa zinthu zotumiza kwa makasitomala mwina mumapakira ngati momwe ndinkapakira ine.

Kwa amene simukudziwa, ine ndimagulitsa zamagetsi, mababu, machaja, masoketi, mawaya, matochi, ndi tizinthu ta sola. Maoda amabwera pa foni, ndimawalemba mu kope ndi manambala, madzulo ndimapakira, m'mawa katundu amanyamuka. Tsiku limenelo maoda analipo 12. Ndinapakira onse usiku, katoni iliyonse ndinaimata ndi selotepi n'kuikulunga m'pepala lofanana, kenako ndinawandandalika pa shelefu motsatana, woyamba mpaka wa 12, monga momwe analili mu kope. Mayina sindinalembe pa makatoniwo chifukwa chizolowezi chathu chinali choti malebulo amalembedwa m'mawa, mtsikana uja amakhala ndi kope n'kulemba dzina, nambala ya foni ndi komwe katundu akupita, akamaliza onse amayamba kumata kuyambira katoni yoyamba kumapita kumanja.

Usiku womwewo a oda nambala 5 anatumiza meseji kuti ma ekisitenshoni amene anaoda asiya kaye, sakufunanso. Ndinatenga kope n'kukhwatcha mzere wa 5, basi n'kukagona. Katoni yawo sindinaichotse pa shelefu. M'mawa mtsikana uja anaona kuti 5 ndi wokhwatcha ndiye anaudumpha, analemba malebulo 11, pomwe makatoni pa shelefu anali akadali 12. Oyamba anayi anamata bwinobwino. Atafika pa katoni yachisanu, lebulo imene inali m'manja mwake inali ya oda 6, n'kumata. Katoni ya 6 inalandira dzina la a 7, ya 7 dzina la a 8, choncho mpaka kumapeto, katoni ya 11 inatenga dzina la a 12, ndipo katoni yomaliza inatsala yopanda lebulo.

Apa mpamene pakundiwawa kwambiri, chifukwa chizindikiro chinalipo ndipo ndinachiona ndi maso anga. Anandifunsa kuti "bwana, katoni imodzi yatsala, ndi ya ndani?" ine ndili pa foni ndi kasitomala wina ndinangoyankha kuti ndi ya anthu anakansela aja, ibwezere mkati. Masamu ake amaoneka ngati akugwirizana eti, oda imodzi yakanselidwa, katoni imodzi yatsala. Koma katoni yokanselidwa imayenera kutsala pakati pa mzere, pamalo achisanu, osati kumapeto. Ndikanangoyang'ana pamene yatsalira, kapena kungoing'amba n'kuona kuti mkatimo muli inveta osati ma ekisitenshoni, palibe katoni yolakwika imene ikanatuluka pakhomo la shopu.

Foni yoyamba inabwera masana kuchokera kwa amayi a oda 7. Iwo anaoda tochi yochajitsa, koma anapeza machaja awiri a Type-C. Nditayang'ana mu kope ndinaona kuti machaja amenewo ndi a oda 6, ndiye mumtima ndinati aa, asinthanitsa makatoni awiri, ndi nkhani yaing'ono, wotumiza, mnyamata wobweretsa katundu uja, abwerere akasinthe. Ndinawapepesa amayiwo, n'kuimbira achimwene a oda 6 kuti ndiwauze kuti tochi imene alandira si yawo. Iwo akuti "tochi iti? ine ndapeza ma ekisitenshoni, ndimafuna ndikuimbireni ndikaweruka." Pamenepo ndinakhala kaye chete, chifukwa ma ekisitenshoni amenewo m'maganizo mwanga anali mkati mwa shopu. Ndinathamangira katoni yotsala ija, kuitsegula, inveta ya a oda 12.

Anzanga ogulitsa, apa ndikufuna mumvetsetse, chifukwa dandaulo loyamba likabwera timathamangira kukonza la munthu mmodziyo osafunsa kuti kulakwitsa kwake ndi kwa mtundu wanji. Munthu akakuuzani kuti walandira zolakwika, mufunseni kaye kuti walandira chani kwenikweni, akutumizireni chithunzi, ndiye mufufuze mu kope kuti chinthucho anaoda ndani. Ngati palibe amene anaoda chinthu chimenecho tsiku limenelo, koma chikufanana ndi chimene iye amafuna, mwachitsanzo chaja ya micro USB m'malo mwa Type-C, ndiye kuti munatola cholakwika pa shelefu, vuto ndi la munthu mmodzi. Ngati chili cha kasitomala wina, muimbireni winayo nthawi yomweyo. Akakhala kuti iye ali ndi katundu wa woyamba uja, ndi kusinthana kwa anthu awiri, zathera pompo. Koma akakhala ndi katundu wa munthu wachitatu, dziwani kuti mzere wonse wasuntha, ndipo aliyense kuyambira pamenepo mpaka kumapeto ali ndi katundu wa mnzake wa pamwamba pake mu kope, olo asanakuimbireni. Mafoni awiri okha amakuuzani kukula kwa vuto. Ndipo ngati wotumiza akadali m'njira muimitseni kaye asapereke china chilichonse. Kwa ine zinali zitachedwa, makatoni onse anali ataperekedwa kale.

Tsopano ndifike pa chimene ndinalakwitsa kachiwiri, chimene chili chachikulu kuposa malebulo aja. Nditadziwa kuti mzere wasuntha ndinatenga kope n'kuyamba kuimba motsatana, 8, kenako 9, ndipo foni iliyonse imatenga nthawi chifukwa munthu amakhala wakwiya ndipo ndi zomveka, umayenera umumvetsere mpaka amalize, pakati pake makasitomala ena akulowa mu shopu. Sindinakhale pansi kuganiza kuti mwa makatoni onsewa, ndi iti imene ingavulaze munthu ikafika m'manja molakwika. Ndikanaganiza zimenezo ndikanayamba ndi bambo a oda 10.

A oda 9 nyumba yawo ndi ya sola, anaoda mababu 6 a DC 12V, amene amayaka ndi batire mwachindunji. A oda 10 anaoda mababu 6 wamba a magetsi a m'nyumba, a 220-240V. Onse anali a LED, oyera, a pini aja timati B22, timabokosi take kukula kofanana. Ndiye bambo a 10 atatsegula katoni anaona mababu 6 monga anaodera, sanaone chodandaula, n'chifukwa chake sanaimbe. Mwa anthu 7 onse iwo okha ndi amene sakanatha kudziwa kuti alandira zolakwika, ndipo iwo omwewo ndi amene anali pa ngozi. Kutayamba kuda anachotsa babu yakale pabalaza, n'kulowetsa yatsopano, mwana wawo n'kuyatsa swichi. Babu inaphulika pompo, kunatuluka utsi ndi fungo la pulasitiki yopsa, swichi yaikulu ya pa bolodi inagwa nyumba yonse mdima. Foni yanga inalowa patangopita nthawi pang'ono zitachitika. Palibe anavulala, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho, koma bambo aja anali akadali pa mpando pansi pa babuyo pamene imaphulika.

Anandiuza mawu amene sindinawatsutse. Anati "achimwene, mukanandiimbira masana muja, inu mumadziwa kale." Zoona, ndinkadziwa kuyambira masana kuti mzere wasuntha, ndipo mu kope zinali zolembedwa poyera kuti a 10 atenga katoni ya a 9. Bambo, pepani kachiwiri, inu ndi amayi kunyumba ndi mwana uja anachita mantha.

Ndifotokoze pang'ono za mababuwa chifukwa ambiri sadziwa. Babu ya 12V ndi ya 230V zimatha kukhala ndi mutu wofanana ndendende, kaya wa pini B22 kapena wopotokola E27, ndipo zonse zimalowa mu holda imodzimodzi popanda kukana. Kusiyana kuli mkati, mu kabolodi kamene kamalandira magetsi. Mukaika babu ya 230V pa batire ya 12V, nthawi zambiri imangokhala osayaka, palibe chimaonongeka, mumangoichotsa. Koma mukaika ya 12V pa magetsi a m'nyumba ndiye kuti mwaipatsa mphamvu yochuluka pafupifupi ka 20 kuposa imene inapangidwira, imapsa nthawi yomweyo, ina imaphulika, ndipo holda yomwe ikhoza kupserera. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuwerenga timalemba tili m'mbali mwa babu pafupi ndi mutu. Pakalembedwa DC 12V ndi ya batire. Pakalembedwa 220-240V, kapena ena amalemba 85-265V, ndi ya magetsi a m'nyumba. Musadalire kabokosi kokha chifukwa babu imatha kubwezeredwa mu kabokosi ka inzake.

Kwa bambo a 10 ndinapita ndekha usiku womwewo ndi mababu oyenera, ndinatenga asanu otsala aja kuti asakhalenso m'nyumbamo, ndipo mawa lake ndinatumiza wodziwa zamagetsi kuti akaone holda ndi waya wa pamenepo asanayatsenso. Anapeza holda itada mkati, anaisintha, ndipo zonsezo ndinalipira ine. Ndikunena izi osati kuti mundiyamikire ayi, koma kuti wina zikamuchitikira adziwe kuti kubweza katundu kokha sikukwanira ngati katundu wolakwikayo waononga china chake kunyumba kwa munthu.

Za kubweza katundu wa enawo, maganizo oyamba amene anandibwerera, ndipo wotumiza uja anandilimbikitsanso chifukwa ndi otchipa, anali oti angoyenda ulendo umodzi mobwerera, atenge katoni kwa a 12 akapereke kwa a 11, atenge ya kwa a 11 akapereke kwa a 10, choncho mpaka kwa a 6. Pa pepala zimaoneka zabwino. Ndinakana, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino kukana. Munthu mmodzi yekha akapanda kupezeka pakhomo, iyeyo ndi amene akudikira katoni imene ili kwa iye onse aima. Komanso katundu amene watsegulidwa kunyumba kwa munthu wina sungamupereke kwa mwini wake usanamuone wekha, sudziwa ngati zonse zilimo, ngati chagwa pansi, ngati chalumikizidwa molakwika. Munthu walipira chinthu chatsopano, ndiye alandire chatsopano. Chimene ndinachita n'chakuti chilichonse chimene ndinali nacho mu sitoko ndinapakira chatsopano, wotumiza amapereka choyenera n'kutenga cholakwika pa ulendo womwewo, kasitomala osalipiranso thiransipoti. Sindinauze munthu kuti bwezani kaye ndiye tikutumizireni, chifukwa sanalakwe ndi iye.

Ndipo zinaonekadi kuti kuyang'ana kaye kunali kofunika. Machaja amene anapita kwa amayi a 7 anabwera mapaketi atang'ambidwa, ana anali atayamba kale kuchajira. Akugwira ntchito bwinobwino koma sindingawaikenso pa shelefu ngati atsopano, ndiye ndawaika padera, ndidzagulitsa motsitsa ndipo wogula ndidzamuuza chifukwa chake. Amayiwo sindinawalipiritse kanthu, olo iwo anayamba kupepesa, ndinawauza kuti ana sangalakwe potsegula katundu amene wabwera ndi dzina la amayi awo. Achimwene a 6 anati ma ekisitenshoni aja awakonda, awagula, ndiye nkhani yawo inatha msanga.

Pali chinanso chimene sindinachiganizire mpaka amayi a oda 9 atandiuza. M'katoni iliyonse ndimaikamo lisiti yolemba dzina ndi nambala ya foni ya wogula. Ndiye kuti anthu 7 analandira dzina, nambala, ndi zimene munthu wina anagula, ngakhale a oda 5 amene anakansela aja, lisiti yawo inapita kwa munthu wosamudziwa. Amayiwo anati "nanga nambala yanga ili ndi ndani pano?" ndipo funso limenelo ndi loyenera. Malisiti onse tinawatenga limodzi ndi katundu kupatula imodzi imene ndifotokoze pansipa, ndipo ndapempha aliyense kuti ngati anasunga nambala ya mnzake aifufute. Pepani pa chimenechinso. Pano lisiti ya mkati ikumakhala ndi nambala ya oda ndi katundu basi, dzina ndi foni zikumakhala pa lebulo ya kunja yokha.

Zimene ndasintha mu shopu si zambiri, koma chachikulu n'chakuti kupakira ndi kulemba dzina sizikusiyananso. Kale inali ntchito ziwiri, ya usiku ndi ya m'mawa, anthu awiri osiyana, ndipo chimene chimalumikiza katoni ndi mwini wake chinali malo ake pa shelefu basi. Munthu akangosuntha katoni imodzi posesa, kapena oda imodzi ikachoka ngati momwe zinachitikiramu, zonse zasokonekera ndipo palibe angadziwe chifukwa makatoni ndi omata. Pano ndikumatenga oda imodzi, ndisanaike kanthu mkati ndikumalemba nambala ya oda pa katoni penipenipo ndi peni yakuda yaikulu, kenako katundu, kenako lebulo, kenako selotepi, ndiye ndiyambe ina. Zikuchedwetsa, sindikana, makamaka tsiku la maoda ambiri, ndipo pa tebulo sipakumakhala makatoni awiri otsegula nthawi imodzi. Oda ikakanselidwa, olo usiku, kukhwatcha mu kope ndi kupasula katoni zikumachitika limodzi, ndikakhala kuti sindili ku shopu sindikhwatcha, ndimangolemba pambali kuti katoni ichotsedwe, amene wachotsa ndi amene akhwatche.

Ndayambanso kutumiza chithunzi kwa kasitomala katoni isanamatidwe, katundu ali mkati, nambala ya oda ikuoneka. Koma ndinene zoona, chithunzi chimenecho sichikanawathandiza bambo a 10, chifukwa mababu 6 oyera pa chithunzi amangooneka mababu 6 oyera. Chimodzimodzi kutsegula katoni pamaso pa wotumiza, kumagwira zolakwika zoonekeratu ngati tochi m'malo mwa chaja, koma zofanana kunja zimadutsa. Ndiye pa zinthu zotere ndikumajambula timalemba ta m'mbali tija pafupi kuti tiwerengeke, ndipo chilichonse cha 12V mu shopu yanga tsopano chili pa shelefu yakeyake ndipo kabokosi kake ndakamata selotepi yofiira yolembedwa kuti ya batire yokha. Inu ogulitsa zina, ganizirani kuti mu katundu wanu ndi ziti zimafanana kunja koma zosiyana ntchito, zimenezo ndi zimene kasitomala sangakuimbireni kudandaula mpaka zitamupweteka, ndipo tsiku la chisokonezo muyambe kuimbira amenewo, ena okwiya aja adikire pang'ono.

Nkhani imodzi sinathebe. Kontirola ya sola ya 20A, kachipangizo kowongolera magetsi ochokera ku mapanelo kupita ku batire, imene anaoda bambo a 11 inali imodzi yokha mu shopu, ndipo inapita kwa a 12. Inveta yawo a 12 tinakasiya kunyumba kwawo, koma katoni yolakwika ija anaitsekera kuchipinda n'kupita pa ulendo, ndiye kontirola ndi lisiti yake zikadali komweko mpaka abwere. Bambo a 11 ndinawapatsa kusankha, kubwezeredwa ndalama zawo zonse tsiku lomwelo kapena kudikira. Ndinali nayo ya 10A koma sindinawapatse, mapanelo awo amatulutsa mphamvu yoposa imene ya 10A ingapirire. Anasankha kudikira, ndiye ndaitanitsa ina yatsopano kwa amene amandipatsa katundu kuti tisadalire ya kwa a 12 ija, ikangofika ndikapereka ndekha. Bambo, mukasintha maganizo nthawi ina iliyonse ndalama zanu zilipo, mungondiuza.

Ndipo kwa aliyense amene munagula mababu kwa ine masiku apitawa, olo oda yanu isali pa 7 amenewa, chonde musanaike babu ina iliyonse mu holda werengani kaye m'mbali mwake. Mukaona DC 12V pomwe nyumba yanu ndi ya magetsi wamba, musaiyese n'komwe, ndiimbireni pa nambala imene mumaodera ija, ndibwera kudzasintha ndipo simulipira kanthu.